Zoyenera kuwerenga pa pepala la ngongole musanasayine

Pa zaka zimene ndagwira ntchito yowerengera ndalama, anthu ambiri andibweretsera mapepala a ngongole kuti ndiwafotokozere chifukwa chimene akudulidwira ndalama zochuluka kuposa mmene ankayembekezera, ndipo pafupifupi onse amabwera atasayina kale. Ndikawafunsa zimene anauzidwa tsiku lotenga ngongolelo, amakumbukira zinthu ziwiri zokha: ndalama imene anapempha ndi imene azidulidwa pa mwezi. Koma mtengo weniweni wa ngongole umadziwika ndi ziwerengero zina zitatu, zomwe ndi ndalama imene ifike m'manja mwanu, ndalama yonse imene mudzakhale mutabweza pofika mwezi womaliza, ndi ndalama imene adzakuuzeni kuti mulipire mukadzafuna kutseka ngongoleyo nthawi isanakwane. Zitatuzi zimakhala mu mgwirizano, kungoti sizikhala pa tsamba limodzi.

Tiyeni titenge chitsanzo cha mphunzitsi amene akufuna K1,000,000 yogulira malata ndi simenti, yoti abweze pa miyezi 12 podulidwa pa malipiro ake. Ziwerengerozi ndazisankha kuti masamu asativute, koma kachitidwe kake ndi kamene ndimakapeza m'mapepala enieni. Wobwereketsa wamuuza kuti chiwongoladzanja ndi 3 peresenti pa mwezi, ndipo mphunzitsiyo waona kuti ndi chochepa kwambiri poyerekeza ndi cha katapila.

Funso loyamba limene ayenera kufunsa ndi lakuti 3 peresentiyo akuiwerengera pa ndalama iti. Mabungwe ena amawerengera pa ngongole yotsala, kutanthauza kuti mwezi uliwonse mukabweza, chiwongoladzanja cha mwezi wotsatira chimatsika. Mwa njira imeneyi mphunzitsi wathu azilipira pafupifupi K100,460 pa mwezi, ndipo chiwongoladzanja cha chaka chonse chikhala pafupifupi K205,500. Mabungwe ena amawerengera pa ndalama yonse imene munatenga poyamba, kuyambira mwezi woyamba mpaka womaliza, ngati kuti simunabwezeko kalikonse. Pamenepo chiwongoladzanja ndi K30,000 mwezi uliwonse, K360,000 pa chaka, ndipo azidulidwa K113,333 pa mwezi. Mabungwe onse awiri anena kuti 3 peresenti ndipo palibe amene wanama, koma kusiyana kwake kukupitirira K150,000. Njira yodziwira ndi kupempha ndandanda wa kabwezedwe, pepala limene limaonetsa mwezi ndi mwezi gawo lopita ku ngongole ndi gawo lopita ku chiwongoladzanja. Mukaona kuti gawo la chiwongoladzanja silikusintha kuchokera pamwamba mpaka pansi, dziwani kuti akuwerengera pa ndalama yonse. Amene akukana kukupatsani ndandandawu musanasayine ndimamukayikira kwambiri, chifukwa makina awo amautulutsa m'mphindi zochepa.

Tinene kuti mphunzitsiyo wagwera m'njira yachiwiriyo. Pa tsamba lachitatu kapena lachinayi pali ndime ya zolipira zina: 4 peresenti yoyendetsera mapepala, yomwe ndi K40,000, ndi 3 peresenti ya inshuwalansi, yomwe ndi K30,000. Ndimeyo ikunena kuti ndalamazi zichotsedwa ngongole isanaperekedwe. Uthenga wa ku banki ukalowa pa foni, akupeza K930,000, malata amene anawerengera aja sakukwana, koma chiwongoladzanja chikuwerengeredwabe pa K1,000,000 yathunthu. Pomaliza adzakhala atabweza K1,360,000 pa ndalama ya K930,000 imene anaigwiradi, ndiye kuti ngongoleyo yamudyera K430,000. Munthu akawerengera bwino, poganizira kuti ndalamayo akuibweza pang'onopang'ono kuyambira mwezi woyamba, mtengo weniweni ukupitirira 6 peresenti pa mwezi, kuwirikiza kawiri imene anauzidwa pakamwa. Mabungwe ena sachotsa zolipirazi koma amaziphatikiza pamwamba pa ngongole, ndipo zikatero mumalandira ndalama yonse koma mumalipira chiwongoladzanja pa zolipirazo. Pa njira ziwirizi, muyenera kudziwa imene mukusayinira.

Pa nkhani ya inshuwalansi ndikufuna ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa ndi pamene ndaona mabanja akutaya ndalama mosayenera. Inshuwalansi ya pa ngongole payokha si chinthu choipa. Cholinga chake ndi chakuti wobwereka akamwalira kapena akalumala moti sangagwirenso ntchito, kampani ya inshuwalansi ilipire ngongole yotsalayo kwa wobwereketsa, kuti mtolo usagwere a pabanja kapena munthu amene anamuimira. Vuto ndi lakuti anthu ambiri amailipira osadziwa kuti ilipo, popeza nthawi zina imalembedwa pamodzi ndi zolipira zina pa mzere umodzi. Mayi wina wamasiye anandionetsa malisiti a miyezi isanu amene ankalipira ngongole ya malemu amuna awo, atagulitsa mbuzi ndi matumba a chimanga. M'chikwatu chomwecho cha pulasitiki mmene ankasungamo malisitiwo munali mgwirizano, wopindidwa panayi, ndipo pa tsamba lomaliza panali ndime yonena kuti ngongoleyo inali ndi inshuwalansi ya imfa, koma a pabanja anayenera kupereka chiphaso cha imfa pasanathe masiku otchulidwa pamenepo. Palibe amene anawauza zimenezo. Zinandipweteka mtima kwambiri, ndipo kuyambira pamenepo ndimauza aliyense wotenga ngongole kuti adziwitse mkazi kapena mwamuna wake za inshuwalansiyo ndi pamene pepala lili.

Choncho funsani dzina la kampani ya inshuwalansiyo, ndipo mupemphe pepala lofotokoza zimene imalipira ndi zimene siilipira. Ina imalipira pa imfa pokha, ina imaphatikizapo kulumala, ina imafika pa kuchotsedwa ntchito chifukwa kampani yachepetsa antchito, koma osati munthu akasiya yekha kapena akachotsedwa pa mlandu. Kawirikawiri pamakhalanso ndime yokana kulipira ngati imfa yabwera chifukwa cha matenda amene munali nawo kale ndipo simunawatchule pa fomu. Ngati akukulipiritsani inshuwalansi koma sangathe kutchula kampani yake kapena kuonetsa pepala lililonse, ndalama imeneyo muiwerengere ngati chiwongoladzanja china chongosinthidwa dzina.

Chindapusa cha kuchedwa anthu amachidumpha poganiza kuti iwo sadzachedwa, makamaka odulidwa pa malipiro. Koma malipiro amachedwa, ndipo nthawi zina olemba ntchito amadula ndalama koma osaitumiza msanga kwa wobwereketsa. Mgwirizano wambiri umaika udindo pa wobwereka ngakhale kuchedwako sikunachokere kwa iye. Werengani kuti muone ngati pali masiku okudikirani chindapusa chisanayambe, ndiponso ngati chikuwerengeredwa pa ndalama ya mwezi umene mwachedwawo kapena pa ngongole yonse yotsala. Mphunzitsi wathu atabweza miyezi itatu amatsala ndi K1,020,000. Akachedwa mwezi wachinayi, chindapusa cha 5 peresenti pa ndalama ya mweziwo ndi K5,667, pamene 5 peresenti yomweyo pa ngongole yonse yotsala ndi K51,000. Pafupi ndi ndime imeneyi pamakhala ina yofotokoza kumene ndalama yanu imayambira kupita mukalipira. Ikanena kuti imayamba yazimitsa chindapusa, kenako chiwongoladzanja, pomaliza ngongole yeniyeni, ndiye kuti mukalipira K113,333 yanu ya nthawi zonse osawonjezera chindapusacho, mwezi umenewo ukhala wosakwanira ndipo chindapusa china chibadwa. Umu ndi mmene munthu wochedwa kamodzi kokha amapezekera akudulidwabe miyezi 12 itatha kale.

Tsopano tifike pa kutseka ngongole msanga. Tinene kuti patatha miyezi isanu ndi umodzi mphunzitsiyo wagulitsa soya ndipo akufuna kumasuka. Walipira K680,000, ndipo pa ndandanda patsala K680,000 ina, yomwe K500,000 ndi ngongole yeniyeni ndipo K180,000 ndi chiwongoladzanja cha miyezi imene sinafike. Mgwirizano wabwino umanena kuti alipire K500,000 yokha. Wina umawonjezera chindapusa chotsekera msanga, mwachitsanzo 5 peresenti, ndipo ndalamayo imakhala K525,000, zomwe zikadali zopindulitsa. Koma ulipo wina wonena kuti ndalama zonse za miyezi yotsala ziyenera kulipidwa, ndipo pamenepo akapereka K680,000 lero wapereka chiwongoladzanja cha miyezi imene ndalamayo sadzakhala nayo. M'maganizo mwanga, ndime yotere ndi chifukwa chokwanira chokafunira ngongole kwina. Mufunsenso ngati gawo la inshuwalansi la miyezi yotsalayo limabwezedwa, popeza munalipiriratu chaka chonse, komanso ngati mukuyenera kulemba kalata yodziwitsa masiku angapo musanatseke.

Ndime yomweyi ndi imene imagwira ntchito akakuimbirani foni kuti muwonjezere ngongole yakale isanathe. Chimene chimachitika ndi chakuti ngongole yatsopano imatseka yakale motsatira malamulo a kutseka msanga aja, kenako zolipira zoyendetsera mapepala ndi inshuwalansi zimawerengeredwanso pa ndalama yonse yatsopano. Munthu akhoza kusayinira K1,500,000, achotsepo K680,000 ya ngongole yakale ndi K105,000 ya zolipira za 7 peresenti, n'kulandira K715,000 yokha, pamene chiwongoladzanja chikuwerengeredwa pa K1,500,000.

Ngati ngongoleyo ndi ya ku banki, onaninso ngati chiwongoladzanja ndi chokhazikika kapena chosintha. Ngongole zambiri za mabanki a ku Malawi zimatsatira mulingo umene umakwera kapena kutsika malinga ndi mmene chuma chikuyendera, ndipo mgwirizano uyenera kunena ngati mulingowo ukakwera adzawonjezera ndalama ya pa mwezi kapena miyezi yobwezera.

Mapepala ambiri a ngongole amalembedwa m'Chingerezi chovuta ngakhale kwa ophunzira, ndiye palibe manyazi kupempha kuti akufotokozereni m'Chichewa ndime ndi ndime, kapena kutenga pepalalo kunyumba kuti mukaliwerenge ndi munthu wodziwa masamu. Zimene wakuuzani pakamwa wogwira ntchito pa kauntala sizidzakuthandizani pa mkangano ngati sizinalembedwe, choncho mumupemphe alembe ziwerengero zitatu zija pa pepala la bungwelo ndi kudindapo chidindo. Musasayine fomu imene ili ndi mipata yosalembedwa, makamaka pa ndalama, pa miyezi ndi pa chikole, ndipo muchoke ndi kope yanu yosayinidwa ndi mbali zonse ziwiri. Ngongole ikatha, pemphani kalata yotsimikiza kuti mwamaliza, chifukwa mbiri ya kabwezedwe kanu imatumizidwa ku mabungwe osunga mbiri ya angongole, ndipo kalatayo ndi imene idzakuombolani dzina lanu likadzapezeka kuti likadali ndi ngongole. Mukadulidwa ndalama imene simukuipeza mu mgwirizano, yambani mwalembera kalata bungwe lomwelo n'kusunga kope yake. Likapanda kukuyankhani mokhutiritsa, pitani ndi mgwirizano, ndandanda ndi kalatayo ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imapereka ziphaso ndi kuyang'anira mabanki, makampani a inshuwalansi ndi mabungwe obwereketsa ndalama, ndipo imalandira madandaulo a anthu pa mabungwe amenewa.