Uthenga wa zaumoyo: amuna kapena akazi anu akamangosinthasintha ngati nyengo

Anthu akuno ku Kasungu tamvani. Mayi wina anabwera kuchipatala katatu mwezi umodzi, mutu, mtima kuthamanga, tulo osabwera. Malungo tinayeza palibe. Ulendo wachitatu nditawafunsa za kunyumba anangoyamba kulira, akuti bambo akamalowa iwo amayamba amvetsera kaye mmene atsekulira chitseko kuti adziwe ngati lero kuli kuseka kapena kulalata, ndipo nsima sadya mpaka aone nkhope. Zaka zitatu osauza munthu, ati banja nkupirira.

Zoyambitsa nzambiri, mowa, chamba, ngongole za fodya, matenda okhumudwa, komanso pali matenda ena a maganizo oti munthu amatha masiku osagona, kuyankhula kosalekeza, kumwaza ndalama, kenako masabata angapo ali ndwii osafuna munthu. Amenewa mankhwala ake alipo. Koma chondidetsa nkhawa ine nchoti ambiri mumati ndine ndimawaputa. Ayi. Mutha kuphika bwino, kukhala chete, kusesa mpaka kuseri, akapsabe mtima tsiku lawo likafika. Ndiye zopita kukatenga mankhwala othira mundiwo kuti afatse zija siyani chonde, mungopweteka munthu.

Akayamba kukalipa musayankhe nthawi yomweyo, makamaka ngati amwa. Tengani ana mupite kwa aneba kapena kudimba, nkhaniyo mukambe mawa kukacha ali bwinobwino, ndipo mukambe chinthu chimodzi basi. Idyani nthawi yanu, musadikire nkhope. Pezani kope muzilemba tsiku lomwe zachitika, ngati anamwa, ngati anagona. Pakatha mwezi muona nokha kuti zikutsata malipiro kapena kusagona osati ndiwo zanu, ndipo kopelo limathandiza adokotala.

Chinanso, uzani munthu. Mmodzi yekha wosunga chinsinsi, kaya mchemwali wanu, kaya mayi a kumpingo. Ankhoswe ngabwino koma ena amangoti bwererani mukapirire, akatero musathere pomwepo. Kubanki mkhonde, kukwaya musasiye, anthu ambiri amayamba kudzitsekera chifukwa cha manyazi ndiye mpamene zimafika poipa. Abambonso izi zikukukhudzani, alipo amene akazi awo ndi amene amatero ndipo amangothawira kumowa.

Inuyo mukatha masabata awiri osagona, chakudya osachifuna, kumangolira kapena kuganiza zoti bola kufa, pitani ku chipatala chachikulu cha Kasungu mukafunse namwino wa matenda a maganizo, ngakhale anzanuwo akane kupita. Mukupitira inuyo.

Koma akakumenyani, kukuopsezani ndi chikwanje, kapena kunena zodzipha, apo palibenso zodikira mawa. Chotsani mnyumba tameki ndi mankhwala opopera fodya, uzani abale tsiku lomwelo, pitani ku Victim Support Unit kupolisi kapena imbani 5600, nambala yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndi yaulere.