Msonkho wa nyumba nthawi zambiri sawerengera pa mtengo womwe munagulira

Ambiri amaganiza kuti msonkho wa nyumba umachokera pa ndalama zomwe anagulira nyumbayo, koma m'madera ambiri si choncho ayi. Umachokera pa mtengo omwe woyesa wa boma waika, ndipo mtengowu umatha kukwera olo inu simunamangepo kalikonse. Tiyerekeze nyumba aiyesa 200,000 ndipo malamulo akumeneko amachotsera 50,000 pa nyumba yomwe mwiniwake amakhalamo, ndiye otsala ndi 150,000, pa mlingo wa maperesenti 2 mulipira 3,000 osati 4,000. Mwaona, kuchotserako kumachitika pa mtengo osati pa biluyo, mwapulumutsa 1,000 basi osati 50,000 yonse ija. Komanso madera ambiri umachita kulembetsa wekha kuti akuchotsere, ndipo ukasamuka n'kuikamo alendi mwayiwo umatha.