Mafoni 300 pa ola, ndiye tikhazike anthu angati?

Funso lomwe ndafunsidwa kambirimbiri pa ntchito yanga yokonza mashifiti ku kolo senta, malo oyankhira mafoni a makasitomala, ndi lakuti, inu bwanji mukufuna anthu ambiri chonchi pomwe masamu akuonetsa ochepa? Ndipo kunena zoona ofunsawo masamu awo sakhala olakwika ayi, amangolekera panjira basi. Ndiye tiyeni tiyende limodzi ndi chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto.

Tinene kuti Lolemba kuyambira 9 koloko mpaka 10 koloko m'mawa kumalowa mafoni 300, ndipo foni iliyonse imadya mphindi 4 tikaphatikiza zonse. Ndikati zonse ndikutanthauza nthawi yolankhula, nthawi ija ejenti, woyankha foniyo, amati dikirani kaye pang'ono ndifunse, komanso nthawi yolemba mu kompyuta kasitomala atadula kale. Pa lipoti la makina nambala imeneyi imalembedwa AHT. Kagawo komalizaka ndi komwe ambiri amaiwala, chifukwa foni yatha ndiye amaona ngati munthu wamasuka, chonsecho akadali kutayipa ndipo sangayankhe ina. Mukataya masekondi 30 okhawo ndiye kuti mwabisa ntchito ya anthu awiri ndi theka pa ola limenelo.

Kuwerengera koyamba nkosavuta:

```
300 × 240 ÷ 3600 = 20
```

Mafoni kuchulukitsa ndi masekondi a foni imodzi, kugawa ndi masekondi a mu ola. Yankho, 20, ndi katundu yense wa ola limenelo, ntchito yokwana anthu 20 osapumira ngakhale kumeza mate. Pa ntchito yathu timati ma Erlang 20, dzina lochokera kwa Agner Krarup Erlang, katswiri wa masamu wa ku Denmark yemwe ankagwira ntchito ku kampani ya matelefoni ku Copenhagen ndipo masamu timagwiritsawa anawatulutsa mu 1917.

Apa mpomwe abwana ambiri amatseka kope nkuti chabwino, lembani anthu 20. Koma makasitomala sapangana nthawi yoimbira. Akanakhala kuti amaimba mmodzi pa masekondi 12 alionse ngati wotchi, ndipo aliyense nkumalankhula mphindi 4 ndendende, 20 akanakwana. Zoona zake nzakuti mphindi ino alowa awiri, yotsatira alowa asanu ndi anayi, wina funso lake latha pa mphindi imodzi wina ndalama zake zasowa ndiye sachoka pa foni mpaka kota ya ola. Ndipo mfundo yomwe ndimafuna aliyense aigwire ndi iyi, ejenti akakhala chete kwa masekondi 40 chifukwa kulibe woimba, nthawi imeneyo yapita, simungaisunge mu thumba kuti muigwiritse ntchito gulu likabwera. Ndiye ndi anthu 20 pa katundu wa 20 mzere ukangoyamba palibe wotsala woti audule, umangotalikirabe.

Chomwe chimatiuza anthu oonjezera ndi fomula yotchedwa Erlang C. Sindilemba pano chifukwa palibe amaiwerengera pamanja, mumangoika manambala mu kalikyuleta yake kapena mu Excel. Imafuna mafoni, AHT, ndi lonjezo lanu, ndipo lonjezo lofala ndi 80/20, kuti mafoni 80 pa 100 alionse ayankhidwe masekondi 20 asanathe. Si lamulo, ndi chizolowezi chabe, koma tiyeni tigwire lomwelo.

Taonani zomwe zimatuluka. Ndi anthu 21, mafoni 30 okha pa 100 ndi omwe amayankhidwa mu nthawi, ndipo kudikira kumafika pa avareji ya mphindi zitatu. Onjezani munthu mmodzi yekha akhale 22, kudikira kwagwa kufika masekondi 68. Pa 23 ndi masekondi 33, pa 24 ndi 18 koma lonjezo lija lidakali pa 79, latsala pang'ono koma silinafike. Pa 25 mpomwe timawoloka, 86 pa 100, kudikira masekondi 10. Ndiye yankho ndi 25, osati 20. Munthu wa nambala 22 uja wachotsa pafupifupi mphindi ziwiri pa kudikira kwa aliyense pomwe wa 25 wachotsa masekondi 8 okha, nchifukwa chake anthu awiri atatu akangodzuka nthawi imodzi kukamwa tiyi bolodi loonetsa mafoni odikira limafiira pompo, ngakhale chipinda chikuoneka chodzaza.

Anthu 25 pa katundu wa 20 ndiye kuti pa avareji aliyense ali wotanganidwa mphindi 48 pa ola, zina 12 akudikira foni. Bwana akadutsa nkuona awiri atatu atangokhala, hedifoni kumutu manja pa desiki, asapse mtima, kukhala kumeneko ndi komwe kukugula masekondi 10 aja. Ine ndimayamba kuda nkhawa kutanganidwa kukamadutsa 85 kapena 90 pa 100 tsiku ndi tsiku, chifukwa ndaziona ndi maso, anthu amatopa, amayamba kuchedwa dala pa kulemba kuja kuti apumeko, AHT imakwera, kenako makalata a kuchipatala amachuluka.

Koma 25 ameneyu ndi anthu okhala pampando, olowa mu makina. Si anthu a pa ndandanda ya shifiti. Wina ali pa bureki, wina pa tchuthi, wina ku maphunziro, wina wapita ku maliro kumudzi, wina minibasi yamuchedwetsa. Kuchepa kumeneku timati shirinkeji, ndipo muyenera kuyeza kwanu kuchokera mu mabuku anu, koma tinene kuti ndi 30 pa 100. Apa pali msampha womwe ngakhale akale amagwamo, amatenga 25 nkuonjezera 30 peresenti nkupeza 33. Ayi, timagawa:

```
25 ÷ 0.7 = 35.7
```

Ndiye 36. Yesani nokha 33 uja, chotsanipo 30 pa 100, otsala ndi 23, ndipo taona kale kuti 23 ndi masekondi 33 a kudikira ndi lonjezo lomwe lagwa kufika 68.

China chomwe chimandiwawa ndi ola lenilenilo. Mafoni 300 pa ola akhoza kukhala 180 mu theka loyamba ndi 120 mu lachiwiri, ndiye theka loyambalo katundu wake ndi 24 osati 20, anthu 25 aja otsala ndi mmodzi yekha, mzere mbwee, pomwe lipoti la pa ola likuoneka bwinobwino. Ndiye ngati makina anu angathe, dulani tsiku mu mphindi 30 kapena 15.

Fomulayi ilinso ndi malire ake. Imaganiza kuti palibe amadula foni, aliyense adikira mpaka ayankhidwe, pomwe munthu yemwe mayunitsi akumuthera sadikira, ndiye nthawi zambiri imapereka anthu ochulukirapo pang'ono. Ndipo odulawo amaimbanso, kawiri katatu, ndiye tsiku lomwe munali ochepa lipoti limaonetsa mafoni ambiri kuposa anthu enieni omwe anali ndi vuto. Musanatenge nambala ya tsiku lotero kukonzera sabata ya mawa, tsegulani ndandanda ya manambala oimba muone angati akubwereza mu ola lomwelo, muwawerenge kamodzi, kenako muyambirenso kuchulukitsa kuja.