Kuwerenga Magulu Atatu Olowerana: Kuchotsa Kokha Sikukwanira

Ophunzira ambiri a masamu ku Lilongwe kuno amakhulupirira kuti pakakhala magulu atatu olowerana, umaphatikiza onse, nkuchotsa amene akupezeka m'magulu awiriawiri, basi. Njirayi imagwira pa magulu awiri okha. Pa atatu imataya anthu.

Tiyerekeze amalonda pa msika wa Lizulu: 20 amagulitsa tomato, 15 anyezi, 12 kabichi. Ogulitsa tomato ndi anyezi alipo 8, tomato ndi kabichi 6, anyezi ndi kabichi 5, ndipo 3 mwa amenewa amagulitsa zonse zitatu. Funso ndi lakuti: amalonda onsewa alipo angati?

Kuphatikiza 20, 15 ndi 12 kukupereka 47. Awiriawiri aja, 8 + 6 + 5, akukwana 19; tikawachotsa, kutsala 28. Apa mpomwe ambiri amaimira.

Koma taonani mayi wogulitsa zonse zitatu. Pophatikiza tamuwerenga katatu. Pochotsa tamuchotsanso katatu, chifukwa ali m'mphatikizo zonse zitatu. Ndiye kuti wasowa m'chiwerengero, chonsecho ali pa benchi lake! Atatuwo tiyenera kuwabwezera:

47 − 19 + 3 = 31

Chenjeraninso ndi mawu akuti "okha". Funso likati 5 amagulitsa tomato ndi anyezi okha, atatu aja achotsedwa kale, ndiye muwabwezere kuti akhale 8 musanayambe kuwerengera.