Mizere itatu pa sikirini, koma ya mkuwa ndi inayi

Wophunzira aliyense amene wayamba kuyeza mkuwa pa makina a EPR, amene amayeza umaginito wa maelekitironi, amafika pa tsiku limene amawerenga mizere itatu, chonsecho buku likunena kuti ikhale inayi. Ena amaganiza kuti makina afa. Ena, ndipo awa ndiwo amandidetsa nkhawa, amangopitiriza kuwerengetsa ngati palibe chavuta. Kuti tione kumene mzere wachinayiwo umabisala, tiyambe ndi chimene makinawa amamva.

Elekitironi iliyonse ili ngati kamaginito kakang'ono. M'zinthu zambiri maelekitironi amakhala awiriawiri, wina kuloza uku wina uko, ndipo mphamvu zawo zimafafanizana. Koma maayoni ena a zitsulo monga mkuwa, manganizi, vanadiyamu ndi ayironi amakhala ndi elekitironi yopanda mnzake. Mukaika chinthu chotere pakati pa maginito amphamvu, elekitironi ija imatha kuloza kumene maginito akuloza kapena kupandukira, ndipo kupandukako kumafuna mphamvu yochulukirapo. Mafunde a maikulowevu akabweretsa mphamvu yokwanira ndendende, elekitironi imawameza n'kutembenuka. Yevgeny Zavoisky ndiye anayamba kuona zimenezi ku Kazan mu 1944, ndipo mchere wa mkuwa unali m'gulu la zinthu zimene anayeza.

Pa wailesi timapotokola kabatani kufunafuna siteshoni. Apa n'zotembenuza: mafunde timawasiya pamodzimodzi, nthawi zambiri pafupi ndi 9.5 GHz, ndipo chimene timakweza pang'onopang'ono ndi mphamvu ya maginito, mpaka chinthu chija chitayankha. Lamulo lake ndi hν = gμB·B, koma pa benchi timagwiritsa ntchito lachidule ili: g = 71.448 × ν / B, pamene ν ndi firikwense ya mafunde mu GHz ndipo B ndi mphamvu ya maginito mu mT.

Nambala g ndiyo dzina la elekitironiyo, titero kunena kwake. Elekitironi yongoyenda payokha ili ndi g ya 2.0023, ndipo pa 9.5 GHz imayankha pa 339 mT. Ikakhala m'ayoni ya chitsulo, kuzungulira kwake mozinga phata la atomu kumaonjezera kapena kuchotsera pa umaginito wake, ndiye g imasuntha. Mbali imene yasunthira imaulula zambiri. Cu²⁺ ili ndi maelekitironi 9 m'chigawo chake chakunja chimene chimadzaza ndi 10, yatsala pang'ono kudzaza, ndipo g yake imapitirira 2.0023. Vanadiyamu ya mu VO²⁺ ili ndi imodzi yokha, ndipo g yake imatsikira cha pa 1.96. Mn²⁺, yodzaza theka ndendende, imangokhala pafupi ndi 2.00. Cu⁺ ndi Zn²⁺ zilibe elekitironi yopanda mnzake, choncho pa makina zimangoti zii.

Nanga mizere yambiri ichokera kuti? Phata la atomu nalonso nthawi zina limakhala kamaginito, kofooka koma kokhala pafupi kwambiri. Elekitironi imamva maginito a makina kuphatikizapo kamaginito ka phatalo, ndipo phata limatha kuima m'njira zingapo. Njira iliyonse imabala mzere wake. Kugawika kumeneku ndiko akatswiri amati haipafaini. Phata likakhala ndi sipini I, nambala imene imatiuza njira zimene lingaimire, mizere imakhala 2I + 1. Manganizi ili ndi I = 5/2, mizere 6 yotalikirana pafupifupi 9 mT; mukaiona kamodzi simudzaiiwala, ndipo imakonda kutulukira ngati chitsotso m'zinthu zimene simunaikemo manganizi. Vanadiyamu ili ndi 7/2, mizere 8. Mkuwa umapezeka m'mitundu iwiri, ⁶³Cu ndi ⁶⁵Cu, koma yonse ili ndi 3/2. Mizere inayi.

Tsono mkuwa uli ndi kachikhalidwe kena. Maatomu ozungulira Cu²⁺ kawirikawiri sakhala mofanana: anayi amayandikira ngati ngodya za tebulo, ena awiri, wa pamwamba ndi wa pansi, amatalikira kapena kusowa kumene. Motero g imadalira mmene molekyulu yaimira pamaso pa maginito. Maginito akaloza molunjika pamwamba pa tebulo lija timapeza g∥, akadzera m'mbali timapeza g⊥. M'madzi ofunda mamolekyulu amagubuduzika msanga ndipo ziwirizi zimasakanikirana. Tikaumitsa madziwo ndi nayitrogeni yamadzi, pa 77 K, molekyulu iliyonse imaumira mmene inaimira, ndipo zonse ziwiri zimaonekera pa chithunzi chimodzi.

Tiyerekeze kuti tayeza mkuwa woumitsidwa chotero, mafunde ali pa 9.45 GHz. Kumanzere kwa sikirini kuli timapiri titatu, pa 274.5, 291.5 ndi 308.5 mT. Kumanja kuli chimzere chachikulu chokwera ndi kutsika cha pa 328 mT.

Wopupuluma atenga kaphiri ka pakati, 291.5, ngati likulu la gululo. Awerengetsa 71.448 × 9.45 / 291.5 n'kupeza 2.32. Walakwa, ndipo cholakwacho n'chamtundu woipa chifukwa 2.32 ndi nambala yomveka bwino kwa mkuwa. Palibe chimene chimuchenjeze.

Taonani mipata. Kuchoka pa 274.5 kufika pa 291.5 ndi 17 mT, kuchoka pamenepo kufika pa 308.5 ndi 17 mT-nso. Mzere wachinayi uyenera kugwera pa 325.5 mT, m'mimba mwenimweni mwa chimzere chachikulu chija. Ulipo, wangophimbika. Likulu la mizere inayi lili pakati pa wachiwiri ndi wachitatu, pa 300 mT, malo amene palibe mzere uliwonse. Ndiye g∥ = 675.2 / 300 = 2.25. Chimzere chachikulu chimapereka g⊥ ya pafupifupi 2.06, ngakhale nambala imeneyi ine sindiikhulupirira kwenikweni ndisanaifanizire pa kompyuta, popeza mizere yapiringizana pamenepo. Mpata wa 17 mT ndiwo A∥, kukula kwa haipafaini.

Kusiyana kwa 2.25 ndi 2.32 kungaoneke kochepa, koma kumasintha yankho la funso limene tinabwerera: kodi mkuwawu wagwiridwa ndi maatomu ati? Jack Peisach ndi William Blumberg anaonetsa mu 1974 kuti g∥ ndi A∥ zikaikidwa pamodzi zimalozera ku mtundu wa maatomuwo. Okosijeni imakankhira g∥ m'mwamba. Mkuwa wozunguliridwa ndi madzi okhaokha umafika cha pa 2.4. Nayitrogeni imaitsitsa, salufa imaitsitsa koposa, chifukwa elekitironi imathera nthawi yambiri pa maatomu amenewa m'malo mokhala pa mkuwa. Manambala athu, 2.25 ndi 17 mT, akulozera ku mkuwa wogwiridwa ndi nayitrogeni ziwiri kapena kupitirira. Uja wa 2.32 akanalemba kuti ndi okosijeni yambiri. Ndikuti akulozera, osati akutsimikiza, chifukwa chaji ya molekyulu yonse ndi kupindika kwa tebulo lija nazonso zimasuntha manambalawa. Mapuloteni a mkuwa obiriwira ngati mtambo, monga pulasitosayanini ya m'masamba, amakhala ndi A∥ yosafika ngakhale theka la yathuyi.

Nthawi zina mizere sioneka n'komwe, ndipo kawirikawiri wolakwa ndi amene anakonza sampulo. Mkuwa ukachuluka, maayoni amayandikana n'kumamvana okhaokha, ndipo haipafaini imasungunukira m'chimzere chimodzi. N'chifukwa chake mchere wa CuSO₄ wouma suonetsa mizere inayi. Madzi okhaokha akamaundana amakankhira mkuwa pamalo amodzi, zotsatira zake n'zomwezo, ndiye timathirako giliserolo kuti aume ngati galasi. Kachubu kakhale ka kwatsi, popeza galasi wamba lili ndi ayironi imene imatulutsa mzere wake pa g = 4.3. Ndipo musanachoke pa makina, lembani ν ya tsikulo mpaka manambala atatu pambuyo pa dontho. Popanda iyo, 300 mT yanu singasanduke g.