Soya sapanga yekha nayitrojeni

Chaka chilichonse ndikamachonga ntchito ya ophunzira a zaulimi kuno ku Salima ndimapeza chiganizo chimodzimodzi, chakuti soya, mtedza ndi nandolo zimapanga nayitrojeni m'nthaka. Ndatopa nacho chiganizochi, chifukwa ndi chomwechi chimene chikulowetsa alimi pansi. Mpweya umene timapuma uli ndi nayitrojeni wokwana magawo 78 pa 100, koma palibe mbewu imene ingamugwiritse ntchito ali choncho. Omwe amamugwira ndi mabakiteriya otchedwa Rayizobiyamu, amene amalowa m'mizu ya mbewu za mtundu wa nyemba, n'kumanga timibulu, n'kusandutsa nayitrojeni wa mumpweya, N₂, kukhala amoniya amene mbewuyo imadya. Mbewu imangowalipira ndi shuga wochokera m'masamba.

Pali munda wina umene umandiwawabe mumtima. Mayi wina wa kufupi ndi ku Chitala anadzala soya pa ekala imodzi, ndipo atatha masabata asanu ndi limodzi masamba anali achikasu. Tinakumba mapando angapo ndi khasu, osazula ndi manja chifukwa timibulu timathothokera m'dothi, ndipo tinapeza timibulu towerengeka. Nditatiswa ndi chikhadabo, m'kati munali moyera, pamene kambulu kogwira ntchito kamakhala kofiirira ngati nyama yaiwisi. Nditafunsa, anandiuza kuti inokulanti, amene ndi mabakiteriya ogwira nayitrojeni osakaniza ndi mbewu podzala, anamugula kwa wamalonda wina amene anayala mapaketi padzuwa pamsika, ndipo atasakaniza ndi mbewu m'mawa, anadzala madzulo mbewuyo itakhala pamtetete tsiku lonse. Inokulanti ndi tamoyo, ndipo dzuwa la kunyanja kuno limatipha. Musagule paketi yotentha kapena yopanda tsiku lothera mphamvu, ngakhale wogulitsayo alumbire bwanji. Sakanizani pamthunzi, ndipo mudzale tsiku lomwelo m'nthaka yachinyontho. Kumbani mizu pakatha mwezi umodzi, chifukwa mukadikira mpaka soya atayamba kubereka, palibenso chimene mlangizi angakuchitireni.

Ophunzira ambiri amathera pomwepa, ngati kuti nayitrojeni akalowa m'mbewu ulendo watha. Gawo lalikulu limachoka ndi nyemba zimene takolola, ndipo limene latsala m'masamba ndi m'mizu limabwerera m'nthaka pokhapokha zotsalirazo zikaola, pamene mabakiteriya ena ndi nkhungu amazisandutsa amoniyamu, NH₄⁺. Mukatentha zotsalirazo, nayitrojeni amapita ndi utsi. Zikaola, mabakiteriya otchedwa Nayitirosomonasi amasandutsa amoniyamu uja kukhala nayitiraiti, NO₂⁻, ndipo ena otchedwa Nayitirobakita amamalizitsa kukhala nayitireti, NO₃⁻, amene chimanga chimayamwa mosavuta.

Vuto la nayitireti n'lakuti samamatira kudothi. M'nthaka yathu yamchenga, mvula yamphamvu ya mu Januwale imamutsitsa pansi kupitirira pamene mizu imafika, pomwe m'dambo lodikha madzi mabakiteriya osowa mpweya amamubwezera kumwamba ngati N₂. Thumba la yureya la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 okha a nayitrojeni, choncho muthireni m'nthaka yachinyontho koma yosadikha madzi, ndipo mukwirire.