Musanatchule mtengo, yambani mwamvera mawu ojambulidwawo

Ofufuza za umoyo ndi ulimi amajambula zokambirana kumidzi, kenako amasaka munthu woti alembe zonse zimene zanenedwa m'Chichewa ndi kuzimasulira m'Chingerezi. Ambiri amalipira powerengera mphindi za mawu ojambulidwa, ndipo oyamba kumene ntchitoyi amaluza pomwepa.

Munthu mmodzi akamalankhula momveka m'chipinda chopanda phokoso, kulemba mawu a ola limodzi kumadya maola 4 mpaka 6. Tsono tiyerekeze kuti akupatsani zokambirana za mphindi 90 za amayi asanu ndi atatu atakhala pansi pa mtengo wa mango, mphepo ikuwomba, mwana akulira, awiri akulankhulira pamodzi. Ngati mphindi iliyonse ikukutengerani mphindi 7, ndiye kuti mukhala pampando maola 10 ndi theka. Kumasulira simunakuyambe. Zolembazo zikakwana mawu 8,000, inu n'kumatha mawu 2,000 patsiku, awo ndi masiku ena anayi. N'chifukwa chake mtengo wolemba ndi womasulira uzitchulidwa paderapadera, ndipo muzipempha kaye kachigawo ka mphindi zisanu. Kakhale ka pakati, osati koyambirira, poti poyamba aliyense amakhala akupereka moni mwaulemu pafupi ndi chojambulira.

Funsaninso ngati akufuna liwu ndi liwu, ndi "eee" yemwe, kuseka ndi kudodoma, kapena zosalazidwa. Pulogalamu yaulere ya oTranscribe imapeputsa ntchito: `Esc` amaimitsa kapena kupitiriza mawu, `F1` amabweza m'mbuyo, `Ctrl+J` amaika nthawi. Pamene simunamve musalote. Lembani `[inaudible 00:41:12]` kuti mwini ntchito akamvere yekha. Mayina a anthu asaoneke. Gwiritsani ntchito zizindikiro zimene mwagwirizana, monga `P1` ndi `P2`.

Pomasulira, chimene chimagwetsa anthu si Chingerezi chovuta ayi, koma Chichewa chozungulira. Mayi akati "mwezi uno sindinasambe" pa nkhani ya kulera, sakunena za madzi ndi sopo, akunena za msambo. "Matenda a boma" ndi Edzi. Nanga "mankhwala"? Akhoza kukhala a kuchipatala, a kwa sing'anga, kapena opopera mbewu, ndipo Chingerezi chili ndi liwu losiyana pa chilichonse. Ukasankha molakwika, wofufuza amalemba kuti alimi amapita kuchipatala pamene iwo amanena za mbozi za m'chimanga. Ngati chiganizo sichikuonetsa tanthauzo, siyani liwu la Chichewalo, muike ndemanga yaifupi pambali pake.

Palinso vuto lina: mneni wa Chichewa sasonyeza ngati wonenedwayo ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo "anabwera" akhoza kukhala anthu ambiri kapena munthu mmodzi wolemekezeka. Chingerezi chimakukakamizani kusankha. Bwererani m'mbuyo mphindi imodzi kapena ziwiri, mupeze pamene munthuyo anatchulidwa koyamba, kenako musankhe.